Mmene Ndinathamangitsira Agogo Aakazi mu Vidiyo

Nditamaliza mayeso a Fomu 4 ndinakhala pakhomo mpaka mipando ya pabalaza inayamba kundipatsa moni. Sindikunama. Ndinatsuka mbale zokwana Area 47 yonse, ndinasesa pabwalo mpaka dothi linatha, ndinawerenga zolembedwa pa paketi ya shuga kutsogolo ndi kumbuyo. Timakhala kwa malume, achimwene awo a mayi anga, ndipo m'kanyumba ka kuseri mumakhala agogo onse awiri, makolo awo. Mayi ataona kuti ndikungozungulira mpanda ngati galu wofuna pothawira, anati mwezi ukatha ndikayambe kuthandiza azakhali ku shopu yawo ku Area 1. Azakhali amagulitsa ndowa ndi mabeseni. Ine, munthu wa maloto akuluakulu, kukakalambira pakati pa mabeseni!

Ndiye panatulukira mwayi. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu ali ndi situdiyo ya mavidiyo ku City Centre, ndipo amafuna mwana mmodzi woti amuphunzitse ntchito. Ndinapita ndi nsapato za mayi zondithina. Madamuwo sanafunse za satifiketi. Anandipatsa kamaiki kopanira pa kolala, kochepa ngati nyemba, n'kunena kuti:

"Upeze munthu wachikulire, umujambule akufotokoza moyo wake. Ayankhule mpaka atope. Kenako undibweretsere mphindi zisanu basi. Muikemo zithunzi zakale ndi masabutaito, mawu aja olembedwa pansi. Aliyense amene ali mmenemo, ndi mwini zithunzi yemwe, ayione ndipo avomere. Lachisanu la sabata ya mawa. Ikakhala bwino, malo ndi ako."

Ndinati mumtima, mphindi zisanu? Ine ndimapanga timavidiyo tovina pa foni tsiku lililonse. Izi ndiye phala.

Wachikulire ndinali naye kale kuseri kwa nyumba. Agogo aamuna anali telala wa pakhonde ku Area 2 kuyambira ali mnyamata mpaka maso atayamba kukana ulusi. Makutunso anayamba kukana, moti ukafuna akumve umakuwa ngati kondakitala. Koma pakamwa ndiye mpatsopano. Amanditchula mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi adzukulu, ndipo agogo aakazi amanditchula mkazi mnzawo.

"Mkazi wanga akufuna kundiika pa kanema," anatero. "Bweretsani jekete."

Anavala jekete ndi tayi dzuwa likuswa mtengo. Ndinawakhazika pa mthunzi wa mpapaya, foni ndinaitsamiritsa pa mabuku a malume pamwamba pa kampando, kamaiki pa kolala. Agogo aakazi anakana kwamtuwagalu kukhala pa mpando pafupi ndi amuna awo. Anati zimenezo n'za pa ukwati. Anayala mkeka cha pambali, kumene kamera simafika, n'kuyamba kusenda mtedza m'lichero.

Madamu anandiuza lamulo limodzi: ukafunsa, tseka pakamwa, uzingogwedeza mutu, chifukwa mawu ako akalowa pamwamba pa mawu a munthu sudzawachotsanso. Ndiye ndinafunsa kuti anabwera bwanji m'tauni, n'kukhala duu, kumangogwedeza mutu.

Agogo aamuna anayankhula pang'ono n'kuima.

"Ukudwala?"

Ndinapukusa mutu.

"Nanga bwanji sukuvomera? Munthu wamkulu akamayankhula umati eee, umati zoona. Ndikuyankhula ndi chitsa ine?"

"Pitirizani, ndikuvomerani ndine," anatero agogo aakazi ali pa mkeka paja.

Anavomeradi, koma mwa mtundu wawo. Agogo aamuna akati anabwera wapansi kuchokera kumudzi, kumbali kumamveka kuti, "Bodza, munakwera lole ya fodya." Akati makina awo osokera anali atsopano, "Atsopano chiyani, opondera anali omanga ndi waya." Akati tauni yonse imasoketsa kwa iwo, "Ndiye atelala ena aja amasoka mphepo?" Iwo samakwiya ayi. Amangokweza mawu n'kupitiriza, ngati minibasi yodutsa pa hampu.

Anayankhula maola atatu ndi kanthu. Foni inadzadza pakati, ndinachita kufufuta zithunzi zanga zonse za pa tsiku lotsanzikana kusukulu. Nsembe ngati imeneyo sinaperekedwepo chiyambire dziko.

Ndinakopera zonse pa laputopu ya malume, ndi pa fulashi pomwe kuopa ngozi, n'kuyamba ntchito imene palibe anandichenjeza kuti ndi chilango: kulemba zonse zimene agogo aamuna ananena, n'kumaika nthawi pambali kuti ndidzapeze msanga. Kumvera, kuimitsa, kulemba, kubweza. Laputopu ya malume ikatentha imalira ngati ndege ikunyamuka. Ine ndimakhala pang'ono, kudzuka, kukatsegula firiji, kuitseka, kubwerera, kupeza agogo akadali pa nkhani ya mabatani. Zala zinafupika. Za agogo aakazi sindinalembe, ndinaziika m'gulu limodzi ndi galu wa aneba ndi phokoso la mtedza.

Kenako kudula. Ndinasankha nkhani zinayi: kubwera m'tauni, khonde la ku Area 2, njinga yamoto imene amati anali nayo, ndi ukwati pang'ono chabe. Paliponse pamene agogo aakazi analowerera, ndinadula. Zinali ngati kutola miyala mu mpunga wa sukulu yogonera konko. Nditamaliza, mawu anayera bwinobwino, agogo aamuna okhaokha ngati owerenga nkhani pa wailesi.

Koma chithunzi ndiye chinali chochititsa manyazi. Ukadula pakati munthu akuyankhula, mutu wake umadumpha. Uli apa, mwadzidzidzi uli apo. Agogo amaoneka ngati gulo pa mwala. Mankhwala ake ndi zithunzi zakale zija: umaziika pamwamba pa malo odulawo, mawu akupitirira pansi, woonera osadziwa kuti panadutsa lumo. Popanda zithunzi vidiyo yanga inali malaya a misoko panja.

Zithunzi zimakhala m'chitini cha mabisiketi, chitinicho mu sutikesi, kiyi wa sutikesi pa mfundo ya chitenje cha agogo aakazi. Anali atandionetsa kamodzi, ine n'kuzijambula pa foni mothamanga, koma zinatuluka zonyezimira, china chili ndi chala changa. Zimafunika kupita pa sikana kuti ndizitha kuzikulitsa osasanduka phala. Agogo aakazi anati chitini sichituluka asanaone chimene ndapanga.

Ndinaika zonyezimira zomwezo mongogwirizira, n'kukawaonetsa Lamulungu masana titabwera kutchalitchi. Agogo aamuna anamwetulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

"Mwaona? Chikwatirireni, lero ndi tsiku loyamba ndamaliza nkhani."

Agogo aakazi sananene kanthu mphindi zonse zisanu. Amene amawadziwa akudziwa kuti zimenezo n'zoopsa kuposa mphezi.

"Iwe," anatero pomaliza. "Tsiku limeneli ine ndinali kuti?"

"Munali pa mkeka, agogo."

"Ndinamwalira pa mkekapo?"

"Ayi, kungoti mawu amafunika amveke bwino, ndiye phokoso..."

"Phokoso." Analibwereza liwulo pang'onopang'ono ngati akulilawa mchere. "Mwamva abambo ake? Mkazi mnzanga wandithamangitsa m'nyumba. Chabwino. Wothamangitsidwa amapita ndi katundu wake. Zithunzi ndi zanga. Ndinazipulumutsa ku chiswe ndine, ku mvula ndine. Ndi za mu foni mwakozo, nazonso ndi zanga. Ndipo chimene walemba pansi pa njinga yamotoyo, wati chiyani?"

Ndinawawerengera: agogo ndi njinga yawo yoyamba.

"Yawo! Njinga ya wojambula zithunzi wa kumsika imeneyo, inalibe ndi injini yomwe. Mnyamata aliyense wa m'tauni muno anaikwerapo, ndi tayi yobwereka pomwepo. Ukanamize anthu wekha, osati ndi zithunzi zanga."

Anamanga mfundo ya chitenje kawiri ine ndikuona.

Lolemba ndinathamangira ku City Centre. Ndinauza madamu kuti zithunzi ndili nazo kale mu foni, agogo aakazi sadzadziwa n'komwe. Sanatukule ndi mutu womwe pa kompyuta yawo.

"Mwini wakana?"

"Akana, koma..."

"Ndiye ulibe zithunzi. Lachisanu likadali Lachisanu."

Ndinatuluka ndikuona mabeseni m'maso. Mu minibasi ndinapeza nzeru: ndikajambule khonde lenileni limene agogo amasokera, ndiphimbire nazo zodumpha zija. Ndinatsika m'tauni, ndinawoloka pakati pa anthu mamiliyoni khumi, aliyense akundiponda chala chomwecho. Khonde ndinalipeza, koma pano pali anyamata ogulitsa makava a foni ndi machaja. Nditangotukula foni mmodzi anakuwa, "Asisi, mukutijambula mwatipempha?" Wina anati ndatumidwa. Ndinathawa ndi kavidiyo ka phazi langa ndi ngalande. Pobwerera ndinadutsa dala kutali ndi shopu ya azakhali, koma anandionabe, n'kundikupizira beseni lobiriwira ngati mbendera.

Kunyumba ndinayesa kunyengerera. Ndinawathyolera agogo aakazi nkhwani, ndinawachapira zitenje, ndinawatchula akuluakulu a pa nyumba. Analandira zonse n'kuthokoza. Mfundo osamasuka.

Panatsala njira imodzi, yowawa: kubwerera ku maola atatu aja n'kuwamveranso onse, ulendo uno kufunafuna phokoso ndinataya lija. Mwayi wake kudula kwa pa kompyuta sikuwononga choyambirira, zonse zinalipo. Vuto linali lakuti kamaiki kanali pa kolala ya agogo aamuna, ndiye agogo aakazi amamveka ngati ali ku Area 25. Ndikawakweza mawu, mtedza nawo umakwera, kumveka ngati akuphwanya miyala, galu wa aneba n'kusanduka mkango. Pamene onse awiri ayankhulira limodzi panalibe chochita, maiki imodzi siilekanitsa anthu. Ndinavala mahedifoni, kukweza mpaka makutu kutentha, n'kumalemba lililonse limene ananena.

Ndipo agogo aakazi aja ndi oseketsa, abale. Ndinaseka ndekha mpaka malume anadzasuzumira kuona ngati mayeso aja anandisokoneza mutu.

Chakumapeto, pa nkhani ya ukwati, panali chigawo chimene poyamba ndinachidumpha chifukwa agogo aamuna amayankhula mozengereza, n'kumaima nthawi yaitali. Amafotokoza za diresi la ukwati. Nsalu yathunthu analibe, ndiye amasunga tizidutswa toyera totsala akasoka mabulauzi a amayi a kwaya ndi mayunifolomu. Analumikiza tonse, misoko n'kuibisa pansi pa mapinda, mpaka anthu kutchalitchi amafunsana kuti diresi lachokera kunja kodi. Ndikumvera choncho ndinazindikira kuti china chake chasowa. Mtedza unasiya kulira. Panalibe liwu lija loti bodza, panalibe kalikonse. Agogo aamuna anamaliza, anayang'ana pansi, kunali zii. Kenako pansi penipeni, pamene ndinachita kubweza kangapo kuti ndimve, agogo aakazi anati:

"Zimenezo ndiye zoona. Linali lokongola."

Mtedza n'kuyambiranso.

Ndinamanganso vidiyo yonse. Kuti agogo aakazi alowe, china chimayenera kutuluka, chifukwa mphindi zisanu sizitambasuka. Nkhani yobwera m'tauni ndinaifupikitsa, mabwana onse amene agogo amati anawasokera masuti ndinawataya. Masabutaito ndiwo anandipulumutsa. Poti agogo aakazi samaoneka komanso samamveka bwino, mawu awo ndinawalemba achikasu, a agogo aamuna oyera. Mizere isapitirire iwiri, ndipo ikhale nthawi yoti munthu awerenge osathamanga. Ndinayamba ndi a Chichewa, a Chingerezi ndinati ndipanga pambuyo, poti kumasulira zonyoza za agogo aakazi kumafuna digiri. Pansi pa njinga ndinalemba zoona zake: njinga ya wojambula, ya aliyense. Pa malo a zii paja sindinadule ngakhale pang'ono, ngakhale chala chimandiyabwa.

Lachitatu masana ndinawakhazikanso pansi pa mpapaya, laputopu ili pa chingwe chachitali cha magetsi chochokera m'nyumba. Agogo aamuna anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, poti kumva samva koma kuwerenga amawerenga. Bodza loyamba lachikasu litangotuluka, agogo aakazi anaseka mpaka kutsokomola. Agogo aamuna nkhope inayamba kugwa. Pofika pa njinga anaimirira.

"Zimitsa! Mkazi wanga, wandigulitsa? Anthu akaone kuti ndinakwera njinga yopanda injini? Yoyamba ija inali bwino. Iyi ndakana."

 Uyu akavomera uyo akana, uyo akavomera uyu akana. Ndinayamba kuganiza mtengo wa ndowa ya malita makumi awiri.

"Khalani pansi inu," anatero agogo aakazi mokuwa kuti amve. "Si inu mumati nkhani ya munthu wamkulu amaimvera mpaka kumapeto? Lero yakuwawani?"

Anakhala, koma chammbali, akuyang'ana ndi diso limodzi. Agogo aakazi samadziwa chimene chikubwera, amangoyembekezera bodza lina. Inafika nkhani ya diresi. Chithunzi cha ukwati, chonyezimira chomwecho, chikuyandikira pang'onopang'ono. Kenako zii uja. Kenako mawu achikasu.

Agogo aamuna anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda laputopu. Milomo imayenda akuwerenga.

"Wanena ndani izi?"

"Achikasu ndi agogo aakazi."

"Liti?"

"Tsiku lomwelo. Munali pomwepa."

"Ine sindinamve."

"Mumva chiyani inu," anatero agogo aakazi, koma akuyang'ana m'lichero mopanda kanthu. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, kamaiki kakoko n'kamfiti? Chotsa pamenepo. Azidzatukumuka."

"Bweza," anatero agogo aamuna.

Ndinabweza.

"Bwezanso."

Kachitatu anavula magalasi n'kumawapukuta ndi tayi nthawi yaitali, ngakhale analibe fumbi.

"Njinga ikhale," anatero. "Inalibedi injini. Koma apa pasachoke."

"Ndati achotse."

"Akachotsa apa, achotsenso mabodza anu onse aja."

Agogo aakazi anaganiza. Ndinawaona akuwerengera m'mutu ngati pa msika, mabodza ambirimbiri mbali iyi, zoona chimodzi mbali iyo.

"Zikhale," anatero. "Koma nkhope yanga ya lero isaoneke. Uike ya utsikana."

Ndinawajambula pomwepo pa foni aliyense akunena ndi pakamwa pake kuti wavomera, asanasinthe maganizo. Agogo aakazi ananena chawo kamera italoza m'lichero.

Lachinayi chitini chinatuluka, koma osati chokha. Mwini wake anakwera nacho minibasi, atachikumbatira ngati khanda, mpaka ku shopu ya sikana ku Area 2. Anaima pambali pa mnyamata wa pamakinayo, kumupatsa chithunzi chimodzi, kudikira chibwere, kuchiyang'ana kumbuyo ndi kutsogolo, ndiye kupereka china. Ndinamuuza mnyamatayo kuti asikane mokweza kwambiri, iye n'kumadandaula kuti zichedwa. Zinachedwadi, ndinakula ndili pomwepo. Koma nditakulitsa chithunzi cha ukwati kunyumba, misoko ija inaoneka, timizere ting'onoting'ono pansi pa mapinda. Agogo aamuna anailoza umodzi umodzi ngati akuonetsa ana awo.

Lachisanu m'mawa, vidiyo ili pakati potuluka mu laputopu, magetsi anazima, ndipo batire la laputopu ya malume linamwalira kalekale. Ndinanyamula laputopu, chaja ndi moyo wanga, n'kukatulutsira ku situdiyo komweko, madamu akundiyang'ana ndi wotchi yomwe.

Anaonera atavala mahedifoni. Ine ndinaima, ndinakhala, ndinaimanso, ndinawerenga matailosi. Pa njinga phewa lawo linagwedezeka. Pa zii paja sanasunthe. Atamaliza anavula mahedifoni.

"Mawu ndi oipa. Mtedza ukumveka kuposa anthu. Ukaona pali anthu awiri, umapempha maiki awiri, ngakhale winayo alumbire kuti sayankhula. Masabutaito a Chingerezi awiri akuthamanga, ukonze. Onse avomera?"

Ndinawaonetsa madamuwo timavidiyo tovomereza tija, ka agogo aamuna ndi ka lichero.

"Lolemba, ubwere ndi nsapato zokukwana." Anakoka kabati n'kutulutsa fulashi. "Umu muli agogo ena. Maola sikisi. Uyambe ndi kulemba zonse, ndi za amene ali pambali omwe."

Maola sikisi! Ndinatsala pang'ono kufunsa ngati azakhali akufunabe munthu. Koma ndinailandira ndi manja awiri.

Agogo aamuna anandiuza ndiwaikire kachigawo komaliza kaja mu foni yawo ya mabatani. Sikaoneka bwino, mawu achikasu ndi ochepa ngati nyerere, koma amadziwa pamene ali. Pano akayamba nkhani pa mthunzi paja, kumbali kukangomveka kuti "Bodza," sakwezanso mawu. Amangopisa dzanja m'thumba la jekete.

"Mubwezere foniyo m'thumba," amatero agogo aakazi. "Ndinanena kamodzi, za diresi basi."